Kungoti “mundiganizire” sikokwanira: mmene munthu wa ulumali amapemphera zosintha pa ntchito ku Britain

Mu 2017 khoti la apilo loona za ntchito ku Britain linagamula mlandu wa mayi wina amene ankafuna kuphunzira uloya ku nthambi ya boma ya Government Legal Service. Aliyense wofunsira malowo ankayamba ndi mayeso a pa kompyuta, osankha yankho limodzi pa mayankho angapo. Mayiyu anali ndi otizimu, ndipo mayeso a mtundu umenewu ankamusokoneza. Anapempha kuti mafunso akhale omwewo, koma iye aloledwe kuyankha polemba ziganizo zifupizifupi. Anamukanira. Atalemba anapeza 12 pa 22, pamene ankafuna 14, ndipo ulendo wake unathera pomwepo. Khoti linapeza kuti bomalo linalakwa, chifukwa luso limene ankafuna kuyesa likanayesedwa bwinobwino m'njira imene mayiyu anapempha.

Chimene chinalimbitsa mlandu wake n'chakuti pempho lake linali lolunjika. Anatchula chinthu chimodzi chimene chinkamupinga, natchulanso njira ina yochitira chinthu chomwecho. Ambiri a ife tinakula ndi mwambo woti kwa abwana umalankhula mozungulira, ukupsa mtima kapena ukuvutika umangoti “mundiganizire.” A kwathu ambiri amene akugwira ntchito ku Britain, makamaka m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, amapita ndi ulemu womwewo. Ulemuwo ndi wabwino, koma pa nkhani iyi lamulo limagwira ntchito bwino pamene munthu wanena chenicheni.

Lamulo likuti chiyani

Lamulo lake ndi Equality Act la 2010, limene limagwira ntchito ku England, Scotland ndi Wales. Ku Northern Ireland akugwiritsabe ntchito lamulo lina la 1995. Limateteza wofunsira ntchito ngakhale asanalembedwe, komanso wantchito kuyambira tsiku loyamba, posayang'ana kuti anachokera dziko liti.

Munthu amawerengedwa kuti ndi wa ulumali ngati ali ndi vuto la m'thupi kapena la m'maganizo limene limamuvutitsa ndithu pa zochita za tsiku ndi tsiku, ndipo latha miyezi 12 kapena likuoneka kuti lifika pamenepo. Sipafunika chiphaso cha boma chotsimikizira zimenezi. Poyesa kukula kwa vutolo amaona mmene munthuyo akanakhalira popanda mankhwala kapena chipangizo chomuthandiza. Choncho amene amamva bwino akavala kachipangizo ka m'khutu amawerengedwabe, monganso wa shuga amene amadzibaya jakisoni. Magalasi a maso okha ndi amene salowa m'gulu limeneli. Matenda atatu, khansa, HIV ndi nthenda ya mitsempha ya MS, amawerengedwa kuyambira pamene munthu wapezeka nawo, ngakhale akuoneka wathanzi. Ambiri amene amamwa ma ARV sadziwa kuti ali ndi ufulu wopempha nthawi yopita kuchipatala pa chifukwa chimenechi.

Gawo 20 la lamuloli limapereka udindo kwa wolemba ntchito pa zinthu zitatu. Choyamba ndi kachitidwe ka zinthu pamalopo, monga maola oyambira, mtundu wa mayeso kapena mmene amawerengera masiku odwala. Chachiwiri ndi mamangidwe a malo, monga masitepe, zitseko ndi kuwala. Chachitatu ndi zipangizo kapena munthu wothandiza, monga pulogalamu yowerenga mawu a pa kompyuta kapena womasulira chilankhulo cha manja. Ngati chimodzi mwa izi chikuika munthu wa ulumali pambuyo poyerekeza ndi anzake, wolemba ntchito ayenera kuchita zimene zili zotheka kuti chopingacho chichoke, ndipo saloledwa kumulipiritsa wantchitoyo ngakhale kobiri.

Kunena kapena kusanena

Funso limene limasowetsa anthu tulo ndi lakuti aulule liti. Palibe lamulo lokakamiza wofunsira ntchito kunena za ulumali wake. Ndipotu gawo 60 limaletsa olemba ntchito kufunsa za thanzi la munthu asanamuuze kuti amutenga. Amaloledwa kufunsa pa zifukwa zochepa chabe, ndipo ziwiri zimene mungakumane nazo kawirikawiri ndi izi: kuti adziwe ngati mukufuna chosintha china pa intavyu, ndi kuti adziwe ngati mungathe kuchita chinthu chimene ndi mtima wa ntchitoyo zosinthazo zitachitika. Funso loti “chaka chatha munadwala masiku angati?” pa intavyu ndi loletsedwa.

Komabe pali mbali ina. Wolemba ntchito alibe udindo wosintha kanthu ngati sakudziwa za ulumali wanu, ndipo panalibe chimene chikanamuchititsa kudziwa. Munthu woyenda pa njinga ya olumala safunika kufotokoza zambiri. Koma wa khunyu, wa matenda a nkhawa kapena wosamva bwino akakhala chete, n'kulephera mayeso, zimavuta kuti adzadandaule pambuyo pake.

Njira yapakati imene imathandiza ndi kugawa nkhaniyi pawiri. Musanapite ku intavyu nenani zokhazo zimene zikukhudza intavyuyo. Zokhudza ntchito yeniyeni mudzakambirane akakupatsani kalata yoti akutengani, musanayambe. Simukakamizidwa kutchula dzina la matenda kapena kufotokoza mbiri yake yonse. Chofunika n'chakuti amvetse kuti vutolo ndi lokhalitsa ndiponso mmene likukhudzira zimene akufuna kuti muchite.

Pempho la intavyu

Tiyerekeze mayi wina wochokera ku Malawi amene akukhala ku Leeds. Samva bwino makutu onse awiri, amavala tizipangizo ta m'khutu, ndipo kuti amvetse bwino amafunika kuona pakamwa pa wolankhula. Wafunsira ntchito ku nyumba yosamalira okalamba, ndipo alandira imelo yoti gawo loyamba likhala kucheza pa foni kwa mphindi 20 Lachinayi likubwerali.

Akangovomera, zotsatira zake n'zodziwikiratu. Adzapempha kuti abwereze funso kawiri katatu, kenako adzachita manyazi n'kuyamba kuyankha zongoganizira, ndipo wofunsayo adzalemba kuti Chingerezi chimamuvuta. Choyenera ndi kuyankha imeloyo tsiku lomwelo. Pamutu pake alembe mawu amene lamulo limagwiritsa ntchito, `Request for reasonable adjustments`, chifukwa a ku ofesi yolemba anthu ntchito akangowaona amadziwa kuti nkhaniyo ili ndi lamulo kumbuyo. Zam'kati mwake, zimene adzalembe m'Chingerezi, zikhale zonga izi:

“Zikomo pondiitana ku intavyu ya Lachinayi. Ndili ndi vuto lokhalitsa la kumva, ndipo pa foni sindimva bwino chifukwa ndimadalira kuona nkhope ya wolankhula. Ndikupempha kuti ticheze pa vidiyo, makamera ali oyatsa komanso mawu akulembedwa pansi pa sikirini, kapena tikumane maso ndi maso m'chipinda chopanda phokoso. Ndikupemphanso kuti funso lililonse lizilembedwa pamene likufunsidwa, ndiponso muonjezere mphindi khumi. Ngati zina mwa izi n'zovuta, ndine wokonzeka kukambirana njira ina. Chonde mundiyankhe pofika Lachiwiri.”

M'kalata yaifupi ngati imeneyi muli zonse zofunika. Yanena kuti vutolo ndi lokhalitsa, choncho kampaniyo singadzanene kuti sinkadziwa. Yatchula chopinga, chomwe ndi foni. Yapereka njira ziwiri zosadula. Yaika tsiku loyankhira, kuti asadzafike Lachinayi osadziwa chimene chakonzedwa. Mulibe kupepesa, mulibenso kuopseza za khoti.

Ena amapempha zosiyana malinga ndi vuto lawo. Wovutika kuwerenga angapemphe nthawi yoonjezera pa mayeso olemba. Wa otizimu angapemphe kuona mafunso nthawi isanakwane. Woyenda ndi ndodo angapemphe chipinda cha pansi ndi malo oimika galimoto pafupi ndi khomo. Wolankhula ndi manja akumbukire kuti chilankhulo cha manja cha ku Britain n'chosiyana ndi cha ku Malawi, choncho anene momveka thandizo limene lingamugwirire ntchito, asangolemba kuti “womasulira.”

Wolemba ntchito akapanda kumvetsa pempho, udindo wofunsa ndi wake. Mu 2023 khoti la apilo lija linaona mlandu wa bambo wina amene anapempha kampani ya AECOM kuti afunsire ntchito pa foni, chifukwa ulumali wake unkamulepheretsa kudzaza fomu ya pa intaneti. Kampaniyo inkangomutumizira maimelo omufunsa kuti afotokoze pamene pakumuvuta. Khoti linagwirizana ndi mfundo yakuti munthu amene kulemba ndiye vuto lake, kampani inayenera kungomuimbira foni n'kumva. Paja safunsa anadya phula.

Ntchito ikapezeka

Mayi wa ku Leeds uja wapambana, kalata yafika. Apa ndi pamene ayenera kukhala pansi n'kuganizira shifiti yonse kuyambira polowa mpaka potuluka, n'kulemba malo alionse amene kusamva kungamugwetse. Ngati ntchitoyo saidziwa bwino, apemphe kukaona malowo asanayambe.

Atayendera apeza zopinga zinayi. Posinthana shifiti m'mawa, amene agwira usiku amafotokoza pakamwa za okalamba onse, ali chiimire m'kaofesi kodzaza, ena akulankhula atatembenukira ku kabati ya mankhwala. Okalamba akafuna thandizo amaliza belu limene limamveka m'khonde. Alamu ya moto ndi ya phokoso lokha. Ndipo kukagwa chimfine antchito onse amavala mamasiki, pakamwa osaoneka.

Chopinga chilichonse achiike pambali pa yankho lake. Pa kusinthana shifiti, apemphe kuti mfundo zikuluzikulu zizilembedwa papepala kapena pa tabuleti, ndiponso kuti azilankhula mmodzimmodzi atamuyang'ana. Uku ndi kusintha kachitidwe, ndipo sikufuna ndalama. Pa belu ndi alamu, apemphe kachipangizo konjenjemera kovala m'chiuno kolumikizidwa ku zonse ziwiri, kapena magetsi ophethira m'khonde. Pa misonkhano ndi maphunziro, pali timaikolofoni timene timatumiza mawu molunjika ku kachipangizo ka m'khutu. Pa mamasiki, alipo ena oonekera pakamwa, ngati malamulo a ukhondo pamalopo akuwalola.

Polemba kwa manijala, athandize abwanawo kuona kuti chopingacho chikukhudzanso ntchito yawo. Kunena kuti “ndikapanda kumva kuti gogo wa m'chipinda chachisanu anagwa usiku, sindidziwa kuti ndimuyang'anire mwapadera” kumamveka msanga kuposa kungoti “misonkhano imandivuta.”

Kawirikawiri kampani imatumiza munthu kwa dokotala kapena namwino woona za thanzi la pa ntchito. Ena amaopa poganiza kuti akufuna kuwapezera chifukwa chowachotsera. Nthawi zambiri lipoti la anthu amenewa ndi limene limalimbitsa pempho, chifukwa limalemba zimene munthuyo angathe ndi zimene zikufunika kusintha. Pemphani kuliona lisanapite kwa abwana, ndipo ngati muli zolakwika nenani. Dziwaninso kuti lipotilo ndi malangizo chabe, ndipo chigamulo chimakhala cha wolemba ntchito.

Za ndalama, boma la Britain lili ndi thumba la Access to Work. Amene amafunsira ndi wantchito mwini, kudzera pa `gov.uk`, ndipo ndalamazo si ngongole. Thumbali limatha kulipira womasulira pa intavyu, zipangizo zapadera, munthu wothandiza pa ntchito, ngakhale takisi kwa amene sangathe kukwera basi. Silichotsa udindo wa wolemba ntchito pa zinthu zimene ayenera kuchita yekha. Vuto lake lalikulu ndi kuchedwa, moti ena amadikira miyezi. Funsirani mukangolandira kalata ya ntchito, ndipo gwirizanani ndi manijala za mmene mugwirire podikira.

Zonse mukagwirizana zilembedwe: chimene chisinthe, amene achite, tsiku lake, ndi tsiku lodzaunikanso, mwina pakatha miyezi itatu. M'nyumba zosamalira okalamba mamanijala amasinthasintha, ndipo pangano la pakamwa limachoka limodzi ndi amene analipanga.

Pamene pali malire

Lamulo silinena kuti chilichonse chimene mwapempha muchipeze. Poona ngati kusintha kuli koyenera amayang'ana ngati kuchotsedi chopingacho, ngati n'kotheka kuchita, mtengo wake, chisokonezo chimene kungabweretse, kukula ndi chuma cha kampaniyo, komanso ngati pali thandizo lochokera kwina. Chimene chipatala chachikulu chingakakamizidwe kuchita, kashopu ka anthu asanu mwina sikangakakamizidwe.

Milandu iwiri ikuonetsa kutalika ndi kufupika kwa udindowu. Mu 2004 khoti lalikulu kwambiri pa nthawiyo linaweruza nkhani ya mayi wina wosesa misewu ku khonsolo ya Fife ku Scotland, amene anasiya kuyenda bwino opaleshoni itavuta. Anafunsira ntchito za mu ofesi zoposa 100 m'khonsolo momwemo, koma nthawi zonse ankamupikisanitsa ndi ena mpaka anamuchotsa ntchito. Khoti linanena kuti udindo wa wolemba ntchito ungafike pomusamutsira munthu ku ntchito ina imene angathe popanda mpikisano. Choncho abwana akamati “sitingakukondereni, tonse timafanana pano,” akulakwitsa. Pa nkhani ya ulumali lamulo limalola, ndipo nthawi zina limafuna, kuti munthu achitiridwe zosiyana ndi anzake.

Mbali inayo ikuoneka pa mlandu wa 2011 wa mayi wina wosamva amene ankagwira ntchito ya ukazembe. Anasankhidwa kupita ku Kazakhstan, koma anthu omuthandiza kumva pobwereza mawu ndi milomo akanafuna ndalama pafupifupi mapaundi 250,000 pa chaka. Unduna wake unabweza ntchitoyo, ndipo khoti linavomereza kuti mtengowo unali wopyola muyeso.

Wolemba ntchito angathenso kusankha njira yosiyana ndi imene mwapempha, bola ichotsedi chopingacho. Mayi wa ku Leeds akapempha magetsi ophethira m'nyumba monse, iwo n'kumupatsa kachipangizo konjenjemera kamene kakugwira bwino, nkhani yatha. Ndipo ntchito yeniyeniyo iyenera kugwiridwabe. Angapemphe njira ina yodziwira kuti belu lalira, koma sangapemphe kuti asamayankhe mabelu.

Zikavuta

Kukana kwenikweni sikuchitika kawirikawiri. Chofala ndi kuzengereza: “tikuyang'anabe,” “tikudikira a kulikulu,” masabata n'kumapita. Chizindikiro choopsa ndi pamene zosinthazo sizinafike koma ayamba kukulemberani zolakwa zochokera ku chopinga chomwecho, monga kuchedwa kuyankha belu pa nthawi imene mudakali pa miyezi yoyeserera. Zikatero lembani msanga, mutchule tsiku limene munapempha, ndipo mupemphe kuti kuunika kagwiridwe kanu ka ntchito kudikire mpaka zipangizo zitafika.

Akakana, funsani chifukwa chake ndipo chilembedwe. Ngati akuti ndi ndalama, funsani ngati anafufuzadi mtengo ndiponso ngati aganizira za Access to Work. Ngati akuti sizingagwire, pemphani kuyesa kwa mwezi umodzi. Zikakanika, perekani dandaulo lolemba motsatira ndondomeko ya pakampanipo. Ku msonkhano wa dandaulolo muli ndi ufulu wopita ndi mnzanu wa pa ntchito kapena nthumwi ya bungwe la apantchito.

Musanapite ku khoti la za ntchito muyenera kuyamba mwadziwitsa bungwe la Acas, limene limayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo kwaulere. Apa chenjerani ndi nthawi. Malire amene akhala akugwira ntchito kwa zaka zambiri ndi miyezi itatu kuchotsapo tsiku limodzi, kuwerengera pamene anakana kapena pamene anayenera kukhala atachitapo kanthu. Dandaulo la m'kati mwa kampani siliimitsa masikuwo, ndipo ambiri ataya milandu yabwino podikira yankho la abwana. Imbirani Acas msanga kuti akuuzeni tsiku lanu lomaliza. Amene chitupa chawo chokhalira m'dzikomo chimadalira kampani amaopa kulankhula, ndipo manthawo ndi omveka. Komabe kuzunza kapena kuchotsa munthu chifukwa wadandaula za tsankho ndi mlandu wina pawokha m'lamulo lomweli. Munthu wotere ayambe wafunsa uphungu ku bungwe lake la apantchito kapena ku Citizens Advice asanachite chachikulu.

Nanga kuno kwathu?

Mfundoyi si ya ku Britain kokha. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali mu 2009, ndipo panganolo limati kukana kusintha koyenera ndi mtundu wa tsankho. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino ndi gawo 5 la lamulo la za ntchito la 2000 amaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Britain kuli milandu yambiri imene yalongosola malire, ndiponso kuli thumba lothandiza kulipira.

Pa chifukwa chimenechi, kuno pempho lolunjika ndi losadula ndi limene limayenda. Mphunzitsi wachialubino angapemphe kuti asamaime pa dzuwa la masana poyang'anira masewera, m'malo mwake atenge ntchito ina ya pamthunzi, ndiponso kuti zolemba za kusukulu azimusindikizira m'zilembo zikuluzikulu. Kalaliki woyenda ndi ndodo angapemphe desiki m'chipinda cha pansi, pafupi ndi chimbudzi chimene angathe kulowa. Alembe kalata, asunge kope yake yodindidwa tsiku limene yalandiridwa, ndipo ikapanda kuyankhidwa apite nayo ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lake kapena ku FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu a ulumali, kuti amuthandize kuitsatira.